Kabokosi ka bipi kanatsala kopanda nambala: mayi wa zaka 19, mimba yoyamba, masabata 33

Ndine mzamba pa kiliniki ina ya kumudzi m'boma la Chipata. Nkhani iyi ndikulembera anzanga amene amachititsa sikelo ya amayi apakati m'malo onga athuwa, kumene kulibe dokotala ndipo ambulansi imachokera kutali. Mayi amene ndikunenayu ali moyo, mwana wakenso ali moyo. Koma anatsala pang'ono kukomoka, ndipo mpata woti tiwagwire msanga matenda ake, puriekilampusiya, omwe ndi matenda a bipi yokwera pa mimba, unali pa tebulo langa masiku 9 zinthu zisanavute. Dzina lake, mudzi wake ndi dzina la kiliniki yathu sinditchula.

Zimene khadi la sikelo linkanena

Anayamba sikelo mu Okutobala, mimba ili ndi masabata 18. Anali ndi zaka 19, mimba yoyamba, wopanda matenda a shuga, a impso kapena a kuthamanga kwa magazi. Tsiku limenelo bipi inali 100/60, thupi linkalemera makilogalamu 52, ndipo mu mkodzo munalibe puloteni. Anabweranso pa masabata 24: bipi 110/70, makilogalamu 55. Kumayambiriro kwa Januwale, pa masabata 29, bipi inali 128/84 ndipo anafika makilogalamu 58.

Nambala ya 128/84 payokha siopsa. Malire amene tonse tinaphunzira ndi 140/90, ndipo iye anali pansi pake. Koma mukaika manambala atatuwa pamzere umodzi, nambala yapansi yachoka pa 60, yapita pa 70, yafika pa 84 m'masabata 11 okha. Mwa mayi wabwinobwino bipi imatsika pakatikati pa mimba, kenaka imakwera pang'onopang'ono kubwerera pamene inali kale nthawi yochira ikamayandikira. Siithamanga chonchi. Kukwera kokhako sikukwanira kuti munthu anene kuti ndi matenda, zoona, koma kumakwanira kuti mayi wa mimba yoyamba umuuze abwere pakatha sabata imodzi, ndi kumuyeza mkodzo. Ife tinamupatsa tsiku la masabata atatu kutsogolo monga wina aliyense.

Anabwera pa tsiku lake, mimba ili ndi masabata 32, ndipo ndine ndinamuona. Amayi anali opitirira 60 tsiku limenelo. Makina a bipi a mabatire anazima pa mayi wa nambala 20 kapena chapomwepo, ndipo mabatire ena analibe. Makina apamanja anali m'kabati, mpira wake wopopera ukutaya mpweya. Ndinaganiza kuti amayi ayenda mtunda wautali mvula ili m'mwamba, kuwabweza chimanjamanja n'kulakwa, ndiye tinapitiriza ndi zotsalazo: kuyeza msinkhu wa mimba, kumvetsera mtima wa mwana, kumwetsa Fansida, kupereka mapiritsi oonjezera magazi. Pa khadi la mayiyu pali makilogalamu 62. Pali mawu anga oti mapazi atupa. Kabokosi ka bipi kalibe kanthu.

Makilogalamu 4 m'masabata atatu, mu Januwale, mwezi umene nkhokwe zambiri kwathu kuno zimakhala zitayamba kupepuka ndipo mayi amakhala tsiku lonse m'munda. Amenewo sanali mafuta, anali madzi. Nambalayo inalembedwa ndi mnzathu woyeza pasikelo panja, ine ndinaiona koma sindinaiyerekeze ndi yam'mbuyo. Ndinamuuza kuti azikweza miyendo akamapuma. Sindinamufunse za mutu, sindinayeze mkodzo, ndipo sindinamuuze kuti abwerenso mawa lake kudzayezetsa bipi. Pa zonse zimene zinachitika pambuyo pake, chimene chinali m'manja mwanga kwathunthu ndi chimenechi.

Masiku atatu a mutu

Zotsatirazi ndinazimva kwa iye mwini ndi kwa apongozi ake.

Mutu unayamba Lolemba, chakutsogolo ndi pamwamba pa maso, wogunda. Mwamuna wake anagula Panado pakantemba. Unaleka pang'ono n'kubweranso. Lachiwiri anapita kwa wodzipereka wa zaumoyo wa m'mudzimo, amene anamuyeza malungo pachala, sanapezeke, n'kumuonjezera Panado. Bamboyo anachita zimene anaphunzitsidwa ndi zipangizo zimene ali nazo, ndipo makina a bipi alibe. Mu Febuluwale mutu uliwonse kwathu kuno umayamba waganiziridwa malungo, ndipo nthawi zambiri amakhaladi malungo. Vuto limabwera pamene malungo sanapezeke ndipo funso lathera pomwepo.

Lachitatu nkhope inafufuma, zikope zinalemera, ndipo patapata anakana kulowa. Apongozi ake anati mwina ndi mapasa, kapena mwana ndi wamkulu. Usiku womwewo anayamba kumva kupweteka pansi pa fupa la pachifuwa, iye n'kumati ndi chilungulira. Lachinayi m'mawa akusankha nyemba m'lichero anaona kuti sakusiyanitsa nyemba ndi miyala. Mawu ake anali akuti, "Ndimaona ziphaniphani masana, ndipo lichero limaoneka ngati lili m'utsi."

Amene anamupulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa gulu la uchembere wabwino, aja timawatchula a Simagi. Anadutsa pakhomopo masana, anaona nkhope, anafunsa za mutu ndi maso, ndipo sanachoke mpaka njinga yamoto itapezeka. Mtunda ndi makilomita 11. Anafika pa kiliniki nthawi ya 16:20.

Zimene ndinapeza

Analowa akuyenda yekha, akulankhula bwinobwino, atangophimba maso ndi chitenje chifukwa kuwala kunkamuvutitsa. Izi ndizinene chifukwa zimanyenga: mayi wa matendawa amatha kukupatsa moni mwaulemu, mphindi 10 pambuyo pake n'kugwa.

Bipi pa makina a mabatire inali 172/114. Ndinamukhazika, ndinakonza zofunika, ndipo patapita mphindi 15 ndinayezanso mkono winawo ndi makina apamanja, amene tinali titawakonzetsa sabata yomweyo: 168/112. Kamtengo koyezera mkodzo kanaonetsa puloteni 3+. Thupi silinali lotentha, 36.8, ndipo malungo sanapezekenso. Nkhope, manja ndi miyendo zinali zotupa. Nditakanikiza pansi pa nthiti kumanja anakoka mpweya ndi ululu. Nditagogoda pansi pa bondo mwendo unadumpha mopitirira, ndipo nditapinda phazi mwadzidzidzi kulozetsa m'mwamba linanjenjemera katatu. M'chifuwa munali moyera. Mimba inali yofewa, magazi sankatuluka, matenda a kuchira anali asanayambe. Mtima wa mwana unkagunda ka 148 pa mphindi, koma msinkhu wa mimba unali masentimita 30 pa masabata 33, kusonyeza kuti mwana watsalira pakukula.

Iyi inali puriekilampusiya yoopsa, yotsala pang'ono kusanduka ekilampusiya, ndiko kukomoka ndi kuphupha kwa mayi wapakati.

Ndikamaphunzitsa ana a sukulu ya unamwino amene amabwera kwathu, ndimaona kuti zizindikiro amaziloweza ngati mndandanda, osaona kuti gwero lake ndi limodzi. Matendawa amayambira pa nsengwa. Kumayambiriro kwa mimba mitsempha ya chiberekero yopita ku nsengwa imayenera kufutukuka kuti magazi azidutsa ambiri mosavuta. Ikapanda kufutukuka mokwanira, nsengwa imaperewera magazi, ndipo imatulutsa zinthu zimene zimavulaza khungu la m'kati mwa mitsempha ya mayi thupi lonse. Mitsempha imafinyika, ndiye bipi imakwera. Imayambanso kuchucha. Mu impso imataya puloteni, pansi pa khungu imataya madzi, ndiko kutupa kwa nkhope ndi manja. Mu ubongo ndi kumbuyo kwa maso imabweretsa mutu ndi ziphaniphani zija. Chiwindi chimatupa n'kukoka chikopa chake, ndicho "chilungulira" chimene mayiyu ankamva. Tanthauzo lake kwa ife ndi ili: bipi ndi puloteni zimayamba, nthawi zambiri masiku kapena masabata mayi asanamve kalikonse, pamene mutu ndi maso zimabwera matenda atafika kale mu ubongo. Mayi sangaimve bipi ya 150/100. Amene angaione ndi munthu amene wamumanga mkono.

Ola loyamba

Lamulo loti bipi iyezedwe kawiri motalikirana maola 4 ndi la mayi amene ali pa 140/90 wopanda chizindikiro china. Ikafika 160/110 sitidikira maola 4. Timabwereza pakatha mphindi 15 ndipo ikakhala pomwepo timayamba chithandizo.

Apa panabuka kusiyana maganizo pakati pa ine ndi mnzanga amene ndinali naye pa ntchito, ndipo ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti kumachitika m'makiliniki ambiri. Iye anati, "Asisita, mayiyu sanakomoke. Tingomutumiza, maginiziyamu akamupatsa kuchipatala. Nanga akasiya kupuma m'manja mwathu?" Mantha amenewa ndimawamvetsa. Koma maginiziyamu salufeti ntchito yake si yongoletsa kukomoka kumene kwayamba. Kafukufuku wamkulu wa mu 2002, wa amayi pafupifupi 10,000 m'maiko 33, anaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa ngozi ya kukomoka ndi theka, mwinanso kuposerapo. Komanso kuchulukana kwake m'thupi kumachitika makamaka ndi majakisoni obwereza mwa mayi amene impso zake zaleka kutulutsa mkodzo. Mlingo woyamba, ukasakanizidwa bwino ndi kubayidwa pang'onopang'ono, ndi wotetezeka. Pamaso pathu panali ulendo wa maola awiri pamsewu wamabampu, ndipo malo oipa koposa oti mayi akomokere ndi kumbuyo kwa galimoto usiku. Tinagwirizana kuti tibaye.

Ndinaika kanyula wamkulu pamkono. Maginiziyamu amene tili nawo ndi a 50 peresenti, kabotolo ka mamililita 10 kokhala ndi magalamu 5. Werengani kabotolo kanu nthawi zonse, chifukwa kamabweranso kakang'ono ka mamililita 2 ka galamu imodzi. Ndinakoka mamililita 8, omwe ndi magalamu 4, ndinaonjezera madzi a jakisoni mamililita 12 kuti zikwane 20, ndipo ndinalowetsa mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10 ndikuyang'ana wotchi. Ndinamuchenjezeratu kuti amva kutentha thupi lonse, ndipo anamvadi. Kenaka magalamu 5 m'thako lililonse, mozama, jakisoni aliyense wosakaniza ndi mililita imodzi ya liginokeni wa 2 peresenti, chifukwa jakisoni ameneyu amawawa kwambiri. Nthawi inali 16:50 ndipo ndinailemba pa kalata yotumizira nthawi yomweyo. Kashiyamu gulukoneti, wobweza mphamvu ya maginiziyamu akachuluka m'thupi, galamu imodzi, ndinamuika m'thumba la yunifomu.

Maginiziyamu satsitsa bipi mokwanira, ndipo ichi anthu amaiwala. Chimene chimapha amayi ambiri a matendawa ndi kuphulika kwa mtsempha mu ubongo, ndipo chotchinga chake ndi mankhwala a bipi. Haidiralazini tinalibe. Ndinamupatsa nifedipini mamiligalamu 10 kuti ameze, osati pansi pa lilime, chifukwa njira imeneyo imagwetsa bipi mwadzidzidzi. Patapita mphindi 30 inali 162/110, ndinaonjezera mamiligalamu 10 ena, ndipo pofika 18:00 inali 150/98. Pamenepo ndinaleka. Sindinkafuna 120/80. Nsengwa yomwe ikuperewera kale magazi imadalira mphamvu ya bipi ya mayi, ndipo ukaigwetsa kwambiri amene amayamba kuvutika ndi mwana. Mtima wa mwana ndinkaumvetsera mphindi 15 zilizonse.

Ndinaika paipi ya mkodzo, munatuluka mamililita 40 okha, oderapo, ndipo ndinakhuthula thumba kuti kuwerenga kuyambire pa ziro. Mkodzo ukachepa chonchi dzanja limafuna kutsegula diripi. Musatero. Mitsempha yake ikuchucha, ndipo madzi amene mungathire akathera m'mapapo. Diripi ndinaisiya ikudontha pang'ono, osapitirira mamililita 80 pa ola. Poti mimba inali isanakwane masabata 34, dokotala wa kuchipatala chachikulu amene ndinalankhula naye pafoni anavomereza kuti ndipereke dekisamethazoni mamiligalamu 6 wokhwimitsa mapapo a mwana. Ndinamugoneka chakumanzere m'chipinda chimene tinatseka makatani.

Ndani alamule ulendo

Chimene chinatidyera nthawi sichinali mankhwala. Mwamuna wake, mnyamata wa zaka za m'ma 20, atamva zoti tikutumiza ku Chipata ndiponso kuti mwina mwana atulutsidwa masiku asanakwane, anagwira mutu nati, "Asisita, ine pandekha sindingalamule. Mwini mbumba ndi atsibweni ake, ndipo amayi ake sanamve." Apongozi nawo anati, "Mwanayu wabwera akuyenda, mwamubaya, mutu ukuchepa. Bwanji agone pano, mawa tione?"

Mwalamulo mayi wa zaka 19 amavomera yekha, ndipo iye anali atavomera kale. Koma ndikanangonyamula munthu banja lili m'mbuyo, sakanakhala ndi womudikirira kuchipatala, ndipo tsiku lina mtsikana wina wa pamudzi womwewo sakanabweretsedwa. Ndinaitana apongoziwo pafupi ndi bedi, ndinawaonetsa khadi, chala changa pa 100/60 ya mu Okutobala, kenaka ndinawaonetsa 172/114. Ndinati, "Amayi, jakisoni uja sanachize matenda, wangotigulira maola. Matendawa ali pa nsengwa, ndipo satha mpaka nsengwa itatuluka. Akakomoka pano ndilibe chipinda cha opaleshoni, ndilibe magazi, ndilibe poika mwana wosakwana masiku." Kenaka ndinapereka foni yanga kuti aimbire atsibweni, ndipo ndinalankhula nawo ndekha. Mkuluyo anangofunsa funso limodzi, ngati mwana wa mlongo wawoyo angafe, ndipo nditayankha kuti inde angafe, anati, "Pitani nayeni, ine ndikupezani komweko."

Mawu oti "wangotigulira maola" ndimawagwiritsabe ntchito. Kuchepa kwa mutu pambuyo pa mankhwala kumanyenga abale, ndipo nthawi zina kumanyenga ndi ife tomwe.

Pamsewu

Ambulansi inafika 19:10 ndipo tinanyamuka 19:25, ine ndili kumbuyo ndi mayiyo ndi apongozi ake. Jakisoni wachiwiri wa maginiziyamu, magalamu 5 pakatha maola 4, nthawi yake inali 20:50, tili m'njira. Ndinapempha dalaivala aime. Ndi tochi ya foni ndinaona zinthu zitatu zimene ziyenera kuonedwa jakisoni wobwereza aliyense asanabayidwe. Kupuma kunali ka 20 pa mphindi, ndipo malire ndi 16. Bondo linkadumphabe, ndipo ichi ndicho chimayamba kuzimirira mankhwala akachuluka, kupuma kusanakhudzidwe. Mkodzo m'thumba unali mamililita 130 m'maola 4, pamwamba pang'ono pa 100 amene amafunika. Chikanasowa chimodzi mwa zitatuzi ndikanadumpha jakisoniyo. Ndinabaya, tinapitirira, ndipo tinafika 21:15 bipi ili 154/100, mayi asanakomoke.

Kalata yanga inali ndi nthawi ndi mlingo wa mankhwala aliwonse. Mzamba amene anatilandira sanafunikire kuganizira ngati mlingo woyamba unaperekedwa, zomwe zimateteza ku ngozi ziwiri: kubwereza mlingo waukulu, kapena kuchedwetsa wotsatira.

Kuchipatala chachikulu

Zakuno ndinazimva pafoni ndi kuziwerenga pa kalata yobwerera nayo, ndiye ndidutsa mwachangu. Sikani inaonetsa mwana mmodzi wamoyo, wocheperapo pa msinkhu wake, madzi ochepa. Magazi a usiku umenewo anaonetsa kuti tizidutswa toundanitsa magazi, mapuletileti, tili pa 118, ndipo chiwindi chayamba kuvulala. Madokotala ankafuna kupeza maola 48 kuti dekisamethazoni agwire ntchito mokwanira. Sizinatheke. M'mawa mutu unabwerera, mkodzo unachepa, mapuletileti anatsika kufika 92, ndipo khomo la chiberekero linali lotseka ndi lolimba. Anachita opaleshoni chakumasana Lachisanu. Anabadwa mwana wamkazi wa makilogalamu 1.65, analira, anakhala masiku angapo ku chipinda cha ana osakwana masiku, kenaka pachifuwa cha mayi ake mwa njira ya kangaru. Pothandiza chiberekero kufinyika mwana atabadwa anagwiritsa ntchito okisitosini. Egometirini kwa mayi wa bipi yokwera ndi woletsedwa, chifukwa amaikweza koposa. Maginiziyamu anapitirira maola 24 mwana atabadwa. Maso anayera m'masiku ochepa, ndipo magazi anabwerera m'malo.

Anatuluka patapita masiku 10 ali pa mapiritsi a nifedipini ogwira pang'onopang'ono, atauzidwa kuti adzaonekere kwa ife.

Ngozi yachiwiri, mwana ali kale m'manja

Ndinauza apongozi kuti matenda satha mpaka nsengwa itatuluka. Mawuwo anali oona, koma anali theka, ndipo banja linamva kuti nsengwa ikatuluka basi zatha. Patapita masiku 4 chitulukireni sanabwere, ndipo ndinatuma mayi wa Simagi uja kukamuona. Anabwera naye tsiku lotsatira. Bipi inali 156/102. Mapiritsi anasiya tsiku lomwe anafika kunyumba, poopa kuti alowa mu mkaka n'kufooketsa kamwana kakang'ono kale. Mutu unalibe, maso anali bwino, puloteni inali 1+.

Mitsempha yomwe yavulala siichira tsiku limene nsengwa yatuluka. Bipi imakonda kukweranso pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi mayi atachira, imatha kukhala yokwera kwa masabata, ndipo amayi ena amakomoka koyamba ali kale kunyumba. Ndinamufotokozera kuti nifedipini amene amafika mu mkaka ndi wochepa kwambiri ndipo amaloledwa kwa mayi woyamwitsa. Ndinamuuza kuti pa ululu wa bala amwe Panado, asagule burufeni kapena dikilofenaki pakantemba, chifukwa amenewa amatha kukweza bipi ndi kulemetsa impso. Anayambiranso mapiritsi. Ndinamusunga ku nyumba yodikirira amayi masiku awiri kuti ndizimuyeza m'mawa ndi madzulo, ndipo atafika 138/88 anapita kwawo n'kumabwera sabata iliyonse. Pa masabata 6 bipi inali 122/78, mkodzo woyera, ndipo mogwirizana ndi dokotala tinachepetsa mankhwala mpaka kuleka. Pa masabata 12 inali 112/70 wopanda piritsi. Mwana anali atafika makilogalamu 3.9.

Zimene tinasintha pa sikelo yathu

Titakhala pansi kuunika nkhaniyi, panali chiyeso choti tinene kuti vuto linali mabatire. Mabatire anathadi, koma chimene chinalakwika ndi chisankho chimene ndinapanga atatha: kuona sikelo yopanda bipi ngati sikelo yokwanira. Pa zonse zimene timachita tsiku la sikelo, zambiri zikhoza kudikira sabata. Bipi ya mayi amene wapitirira masabata 20 singadikire. Tsopano khadi silichoka patebulo kabokosi kaja kali kopanda nambala. Makina akafa, amayi a mimba yoyamba, a mapasa, a zaka zopitirira 35, amene anadwalapo matendawa, a shuga kapena a bipi yakale, ndi aliyense wotupa kapena wodandaula mutu, amayezedwa mkodzo tsiku lomwelo ndipo amalembedwa m'buku kuti abwere pasanathe masiku awiri. Amene sanabwere timamutumira munthu. Mabatire osungira amakhala m'bokosi la maginiziyamu, ndipo amawerengedwa pamodzi ndi mankhwalawo Lolemba lililonse.

Chachiwiri ndi kayezedwe. Nditabwerera m'kaundula wathu wa miyezi ingapo, ndinapeza kuti pamasiku amene tinkagwiritsa ntchito makina apamanja, manambala ambiri ankathera pa ziro, ndipo 120/80 ndi 110/70 zinkabwera mobwerezabwereza kuposa mmene anthu enieni amakhalira. Umo ndi momwe 138/88 imasandukira 130/80 pa tsiku la anthu ambiri. Mayi akhale pansi mphindi 5 asanayezedwe, makamaka amene wangotsika panjinga. Msana utsamire, mapazi pansi, mkono ugone patebulo molingana ndi mtima, ndipo asalankhule. Lamba akwane mkono, chifukwa wamng'ono pa mkono waukulu amaonetsa nambala yokwera monama. Mpweya utuluke pang'onopang'ono, mamilimita 2 kapena 3 pa sekondi, ndipo ilembedwe nambala imene yamveka. Ndipo woyezayo asanalembe ya lero, awerenge mokweza zam'mbuyo zonse pamodzi ndi makilogalamu. Zimatenga masekondi ochepa, ndipo zikanakwanira pa 58 ndi 62 uja.

Za kutupa ndinene chimodzi. Mapazi amatupa mwa amayi ambiri abwinobwino m'miyezi yomaliza, makamaka madzulo, ndipo m'mawa amaphwa. Kumene kumandidetsa nkhawa ndi kwa nkhope ndi manja, kobwera m'masiku ochepa, kumene mayi amadzuka nako. Komanso alipo amayi a puriekilampusiya yoopsa amene satupa n'komwe, kotero kusatupa si chifukwa chodumphira bipi.

Ndi odzipereka a m'midzi tinagwirizana chinthu chimodzi chosavuta kukumbukira. Mayi wapakati kapena amene wangochira, akadandaula mutu, ayezedwe malungo monga mwa nthawi zonse, koma kaya apezeka kaya sanapezeke, atumizidwe tsiku lomwelo kudzayezetsa bipi. Tinasinthanso mafunso. "Kodi maso ali bwino?" amayi amayankha kuti ali bwino. Tsopano timafunsa ngati akuona ziphaniphani kapena utsi, ngati akutha kulowetsa ulusi m'singano, ndi ngati chilungulira chawo chikupweteka pansi pa nthiti. Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse mu 2016 linakweza maulendo a sikelo kuchoka pa 4 kufika pa 8, ndipo 5 mwa amenewo ali kuyambira masabata 30 kupita m'tsogolo, nthawi yomwe matendawa amakonda kuonekera. Kwa mayi wa makilomita 11 nthawi ya dzinja zimenezi n'zolemera, ndiye tsopano makina a bipi ndi timitengo ta mkodzo zimapita nafe ulendo uliwonse wa katemera wa kumidzi.

Mayi uja anasankha kulera kwa pamkono kuti apume zaka zingapo. Poti matendawa anamugwira msanga, mimba isanakwane masabata 34, mpata woti abwererenso pa mimba ina ndi waukulu kuposa wa mayi wina, ndipo ngozi ya bipi yokhalitsa akamakula ilinso pamwamba. Ndinamuuza zonsezi mwamuna wake ndi apongozi ake ali pomwepo. Pa khadi lake lakale ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti anadwala puriekilampusiya yoopsa pa masabata 33 ndipo anachira ndi opaleshoni, kuti pa mimba yotsatira ayambe sikelo akangodumpha mwezi, ayambe asipirini wa mamiligalamu 75 tsiku lililonse kuchokera pa masabata 12 pamodzi ndi mapiritsi a kashiyamu, ndipo akachirire kuchipatala chachikulu. Khadilo amasunga m'pulasitiki limodzi ndi la mwana, ndipo akabwera ku sikelo ya mwanayo amayamba wadzera kwa ine kudzayezetsa mkono. Mwezi wathawu inali 114/72.